Mwatumiza imelo yosintha tsiku, koma lole yafikabe tsiku lakale

Vutoli amalidziwa onse amene amaitanitsa katundu wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe kubwera kuno ku Mangochi, kaya ndi eni mashopu a zomangira, osunga sitolo m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kapena akapitawo a pa chimango. Mwagwirizana ndi a thiransipoti kuti lole ifika Lachisanu. Mkati mwa sabata mwaona kuti Lachisanulo simukwanitsa kulandira katundu, ndiye mwalemba imelo yoti abwere Lolemba. Lachisanu masana foni ikulira, dalaivala akuti waima pa khomo panu ndipo akufunsa komwe kuli anyamata otsitsa. Nthawi zina zimachitika mosiyana: Lachisanu lole sinabweredi, koma Lolembanso sinaoneke, ndipo mukaimba akukuuzani kuti oda yanu sili pa ndandanda wa sabata ino.

Zonse ziwirizi gwero lake ndi limodzi. Tsiku lobweretsa katundu silisintha chifukwa choti inu mwatumiza imelo. Limasintha munthu wokonza maulendo a malole akafufuta dzina lanu pa ndandanda wa tsiku lakale, n'kulilemba pa tsiku latsopano, dalaivala n'kupatsidwa mapepala ogwirizana ndi zimenezo. Imelo yanu ndi pempho loti iye achite ntchito imeneyo. Choncho zikasokonekera, chofufuza ndi malo pomwe pempholo linaima lisanafike pa ndandanda.

Yambani ndi kuona ngati imelo inachokadi

Ichi n'chachidule. Tsegulani foni muone ngati imeloyo ili mu Sent. Ikakhala mu Outbox, kapena Gmail ikulemba kuti Queued, ndiye kuti sinapite kulikonse. Zoterezi zimachitika kawirikawiri munthu akalemba ali pamalo pomwe netiweki ikuvuta, monga pa chimango cha kumudzi cha ku Makanjira kapena ku Katuli, kapena bandulo itatha osadziwa. Onaninso ngati simunalandire uthenga wobwerera wonena kuti adiresi ndi yolakwika. Ngati imelo ili mu Sent ndipo palibe chomwe chabwerera, vuto lili kutsogoloku.

Inapita kwa amene ali ndi mphamvu pa loleyo?

Pa ulendo umodzi wa katundu pamakhala anthu atatu osiyana: amene anakugulitsani, amene amakonza maulendo ku kampani ya malole, ndi dalaivala. Ambiri timalembera amene timamudziwa bwino, yemwe nthawi zambiri ndi wogulitsa amene anatitumizira invoisi. Iyeyo akhoza kuyankha kuti "chabwino bwana" mwaulemu wonse, koma ndandanda wa malole suli pa tebulo lake, ndipo uthenga umangofera pomwepo.

Funso lothandiza ndi lakuti, loleyo anaichita hayala ndani? Ngati munaipeza nokha ndipo mukulipira nokha, lemberani a thiransipoti, ndipo wogulitsayo mumuike pa CC kuti asadabwe lole ikapanda kubwera kudzapakira. Ngati mtengo wa katundu unaphatikiza kukubweretserani, ndiye kuti kasitomala wa kampani ya maloleyo ndi wogulitsa, si inu. Wokonza maulendo wodziwa ntchito yake sasintha tsiku chifukwa cha mawu a munthu amene sanamulembe ntchito, ndipo sakulakwitsa. Pamenepa imelo ipite kwa wogulitsa, a thiransipoti akhale pa CC, ndipo mulembe momveka kuti mukupempha wogulitsayo awauze a thiransipoti.

Dalaivala yekha musamuuze zosintha tsiku n'kukhala pansi mtima uli m'malo. Dalaivala amene anabwera ulendo watha si amene adzabwere ulendo uno, ndipo ngakhale atakhala yemweyo, iye amapita komwe mapepala amutuma. Kumuuza n'kwabwino, koma kukhale kowonjezera pa imelo yopita ku ofesi.

Nthawi yomwe munatumiza ndi yomwe imaweruza nkhani yonse

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa anthu ambiri amawerenga nthawi yotsala kuchokera pa ola lomwe lole idzafike kwa iwo. Wokonza maulendo sawerenga choncho. Iye amawerenga kuchokera pa ola lopakira.

Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Ulongwe pa msewu wa M3 kudzafika pa boma pano ndi makilomita pafupifupi 190. Lole yolemedwa, yokwera ndi kutsika zitunda za ku Zomba ndi ku Machinga, n'kuimaimanso pa ma rodibuloko, imadya pafupifupi theka la tsiku. Kuti ifike kuno cha kummawa kapena masana a Lachisanu, nthawi zambiri imakhala itapakiridwa Lachinayi masana, n'kugona ili yomangidwa kale, kenaka n'kunyamuka mbandakucha. Ndandanda woti lole iti ipite kuti amakhala atauika kale isanafike nthawi yopakirayo. Ndiye imelo imene mwatumiza Lachinayi 4 koloko madzulo, inu mukuti mwawadziwitsa kudakali tsiku lathunthu, kwa iwo yafika katundu wanu ali kale pa lole, tenti itakutidwa, zingwe zitakungidwa.

Katundu akakwera pa lole, kusintha tsiku kumasanduka ndalama. Wina ayenera kulipira anyamata otsitsanso, kapena lole igone ndi katundu wanu masiku angapo osagwira ntchito ina. Makampani ambiri amalipiritsa galimoto ikadikirira kupitirira maola omwe munagwirizana, ndiponso ikayenda ulendo wopanda pake. Kuchuluka kwa ndalamayo kumasiyana kampani ndi kampani, choncho funsani pa tsiku loyamba lomwe mukukambirana mtengo, pamodzi ndi funso ili: "Kodi mumatseka liti ndandanda wa ulendo wa ku Mangochi?" Yankho lake mulilembe penapake. Amenewo ndiye malire anu enieni.

Palinso nkhani ya lole yogawana. Ngati oda yanu ndi yaing'ono, sikuti mwapatsidwa lole yanuyanu. Katundu wanu wakwera limodzi ndi wa anthu a pa Liwonde, pa Ulongwe, ndi ena a ku Monkey Bay. Popakira amayamba ndi wa munthu womaliza kutsitsiridwa, amene amakhala kutsogolo kufupi ndi kwa dalaivala, ndipo wa munthu woyamba amakhala kumapeto. Mu lole yotseka, yotsegukira kumbuyo kokha, katundu wa pa Mangochi amatchinga wa ku Monkey Bay. Inu mukakana kulandira, mnzanu wa ku Monkey Bay nayenso sangatsitsiridwe bwinobwino. N'chifukwa chake dalaivala amaumirira kuti mutsitse basi, ngakhale mutamuwonetsa imelo ya pa foni yanu. Si mwano ayi, wapanikizika ndi kapakiridwe.

Zimenezi zikutanthauzanso kuti pa lole yogawana, kupempha kuti "ibwere mawa lake" kumavuta kusiyana ndi kupempha sabata yotsatira. Ngati kampaniyo imabwera njira ya kunyanja kamodzi pa sabata, tsiku la mawa lakelo kulibe lole yobwera kuno. Apa ndi pomwe pamachokera vuto lachiwiri lija, loti Lachisanu sinabwere, Lolembanso sinabwere: anakuchotsani pa ndandanda wa Lachisanu monga munapemphera, koma Lolemba kunalibe poti akuikeni, ndipo palibe amene anakuuzani. Pali njira ina yomwe ambiri saiganizira. Ngati vuto lanu ndi la maola chabe, pemphani kuti lole idutse kaye ku Monkey Bay, ikutsitsireni pobwerera. Izi zimatheka pokhapokha mwanena asanapakire, kuti katundu wanu amuike kutsogolo.

Mawu omwe ali mu imelomo

Tsopano tiyerekeze nkhani imodzi mwatsatanetsatane. Muli ndi shopu ya zomangira pa boma. Mwagula matumba 300 a simenti ku Blantyre. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50, ndiye onse pamodzi ndi matani 15, lole yathunthu imene mwaichita hayala nokha. Munagwirizana kuti ifike Lachisanu pa 14 Novembala, 12 koloko masana. Lachiwiri pa 11 mwazindikira zinthu ziwiri. Amisiri amene akukhoma malata pa chipinda chosungiramo katundu samaliza mpaka Loweruka, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana. Simenti ikagona panja n'kunyowa imauma m'thumba momwemo, palibenso chogulitsa. Komanso 12 koloko ya Lachisanu ndi nthawi yomwe anyamata anu otsitsa katundu amapita ku mzikiti, ndipo sabwerako mpaka cha m'ma 2 koloko. Munthu wa mu ofesi ku Blantyre mwina sangaganizire zimenezi, koma kuno ndi nkhani ya sabata iliyonse.

Imelo yomwe anthu ambiri amalemba imakhala yotere: adina Reply pa imelo yakale ya mtengo, n'kulemba kuti "Bwana, pepani pavuta pang'ono, katundu uja musabweretse Lachisanu, mubwere sabata yamawa. Zikomo."

Ulemu ulipo, koma taonani zomwe zikusowa kwa munthu amene ali ndi malole ambiri ndi makasitomala ambiri. Mutu wa imelo ukunenabe za mtengo, uli ndi Re: kutsogolo, ndiye ukuoneka ngati nkhani yakale yotha kale, ndipo Gmail imaipinda pansi pa maimelo akale aja. "Katundu uja" ndi uti? Muli ndi simenti sabata ino, mwina mulinso ndi malata sabata yamawa. "Sabata yamawa" ili ndi masiku asanu ogwira ntchito, ndipo iye sakudziwa lomwe mungakwanitse. Palibenso funso loti ayankhe, choncho akhoza kuwerenga n'kuiika pambali kuti aionenso bwino, foni n'kulira, basi yaiwalika.

Imelo yogwira ntchito ndi yatsopano, yokhala ndi mutu wakewake. Pa Subject lembani chonchi:

KUSINTHA TSIKU: oda 4471, simenti matumba 300, Mangochi, kuchoka pa 14 Novembala kupita pa 17 Novembala

Ndipo mkati mwake:

Bwana,

Ndikupempha kusintha tsiku lobweretsa oda 4471, matumba 300 a simenti, matani 15, ochokera ku Blantyre kubwera ku shopu yathu pa Mangochi boma.

Tinagwirizana Lachisanu pa 14 Novembala, 12 koloko masana. Tsiku limeneli sititha kulandira chifukwa chipinda chosungiramo sichinathe kufoleredwa.

Tikupempha Lolemba pa 17 Novembala, pakati pa 8 koloko ndi 11 koloko m'mawa. Ngati Lolemba lole palibe, Lachiwiri pa 18 Novembala nthawi yomweyo titha kulandira. Malo otsitsira, kuchuluka kwa katundu ndi mtengo sizinasinthe. Anyamata otsitsa adzakhala atakonzeka.

Chonde musapakire katunduyu Lachinayi. Mundiyankhe pofika mawa Lachitatu pa 12 Novembala, 12 koloko masana, kuti mwasankha tsiku liti, ndiponso ngati pali ndalama yowonjezera. Ndikuimbiraninso foni masana ano.

Zikomo kwambiri.

Pansi pake muike dzina lanu, dzina la shopu ndi nambala ya foni ya munthu amene adzakhale pamalo tsikulo. Ngati ofesiyo imagwira ntchito m'Chingerezi, lembani m'Chingerezi, koma mfundo ndi dongosolo lake zikhale zomwezi.

Nambala ya oda ikhale yomwe a thiransipotiwo amaidziwa. Nambala ya invoisi ya wogulitsa ndi nambala ya ulendo ya kampani ya malole nthawi zambiri zimasiyana, ndipo mukalemba ya wogulitsa, wokonza maulendo akhoza kuisaka pa kompyuta yake osaipeza. Ngati muli nazo zonse ziwiri, lembani zonse.

Tsiku lakale liyenera kulembedwa, ngakhale nonse mukulidziwa. Iye ayenera kupeza mzere woti afufute asanalembe watsopano. Imelo yotchula tsiku latsopano lokha ikhoza kumveka ngati oda yachiwiri, ndipo zikatero lole imabwera Lachisanu, inanso n'kukonzedwa ya Lolemba.

Deti lembani ndi dzina la tsiku, nambala ndi dzina la mwezi m'zilembo. "Mawa" ndi "mkuja" zimadalira tsiku lomwe munthu watsegula imelo, osati lomwe inu munalemba. "Lachisanu likubwerali" lowerengedwa Lachisanu m'mawa limasokoneza. Manambala okha nawonso ndi msampha: 11/12 kwa ife ndi pa 11 Disembala, koma pa kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka ndi pa 12 Novembala. Kuika dzina la tsiku kumathandizanso kugwira cholakwa chanu chomwe. Mukalemba Lolemba pa 18 pomwe kalendala ikuti pa 18 ndi Lachiwiri, wowerengayo adzaima n'kufunsa.

Masiku awiri osankhapo ndi amene amafupikitsa nkhani. Mukapereka limodzi lokha iye n'kupeza kuti lole palibe, ayenera kukuyankhani, inu muganize, muyankhenso, tsiku lonse n'kutha mukuponyerana maimelo pomwe Lachinayi lopakira likuyandikira. Musanatchule masikuwo, onani kalendala ya maholide, monga pa 15 Januwale, pa 3 Malichi, pa 14 Meyi, pa 6 Julaye ndi pa 15 Okutobala, pomwe madepoti ambiri sapakira. Holide ya Idi yotsekera Ramadani ndi yapadera chifukwa tsiku lake lenileni limadziwika mwezi ukaoneka. Ngati katundu wanu akugwera m'masiku amenewo, sankhani tsiku lotalikirako ndi masiku awiri kapena atatu m'malo mongoyerekeza.

Pa nthawi, perekani mpata wa maola angapo, osati ola limodzi. Dalaivala sangalonjeze 9 koloko yeniyeni pa msewu wautali chonchi. Koma mpatawo uthe dzuwa likadali pamwamba. Matumba 300 kwa anyamata asanu ndi mmodzi ndi matumba 50 aliyense, ndipo m'kutentha kwa Novembala kuno muwapatse maola awiri kapena kuposerapo. Lole yofika 5 koloko madzulo idzamalizidwa kutsitsa mumdima, pomwe kuwerenga matumba ndi kuona ong'ambika kumavuta.

Chifukwa chosinthira chikhale mzere umodzi. Wokonza maulendo safuna mbiri ya mmisiri amene wakukhumudwitsani. Chomwe akufuna kudziwa n'choti kodi vutoli lidzakhala litatha pofika tsiku latsopanolo, kapena mudzasinthanso. Ndipo mzere woti "sizinasinthe" musausiye, chifukwa popanda iwo adzakuimbirani kufunsa ngati malo ndi omwe aja. Ngati malo asinthadi, mwachitsanzo mukufuna akatsitsire ku Namwera osati pa boma, imeneyo si nkhani yosintha tsiku chabe. Kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera phiri la ku Chowe ndi matani 15 ndi mafuta ena ndi nthawi ina, ndiye yembekezerani mtengo wina, ndipo muilembe poyera pamwamba pa imelo.

Sanayankhe

Kukhala chete si kuvomera. Mpaka mutalandira yankho lotchula tsiku latsopano, muzitenga kuti lole ikubwerabe Lachisanu. Pa chifukwa chimenechi imelo iziyenda ndi foni. Tumizani, dikirani kanthawi, kenaka imbani: "Bwana, ndatumiza imelo ya oda 4471 ya ku Mangochi, mwaiona?" Akati sanaione, apempheni ayang'ane mu Spam, makamaka ngati aka n'koyamba kuwalembera kuchokera pa adiresi imeneyo. Mwinanso munthu amene mumalemberana naye ali pa tchuthi kapena wapita kumaliro, ndipo imelo yanu yakhala mu bokosi lomwe palibe akulitsegula. Ngati kampaniyo ili ndi adiresi ya ofesi yonse ya maulendo, muziiika pa CC nthawi zonse.

Ena amafunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito foni kapena WhatsApp, poti ndi komwe anthu amayankha msanga. Gwiritsani ntchito, palibe choletsa. Koma timizere tiwiri ta buluu timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, sitisonyeza kuti ndandanda wasintha, ndipo zokambirana za pa foni sizisiya umboni. Tsiku lomwe invoisi idzabwere ndi ndalama ya galimoto yodikirira, chomwe a maakaunti adzafune kuona ndi imelo yokhala ndi deti ndi ola. Mukagwirizana pa foni, tsekani nkhaniyo ndi mizere iwiri podina Reply all pa imelo yanu ija: "Monga takambirana pa foni 2 koloko masana ano, oda 4471 ibwera Lolemba pa 17 Novembala pakati pa 8 koloko ndi 11 koloko m'mawa, popanda ndalama yowonjezera. Ngati sindinamve bwino, chonde mundikonze lero."

Anayankha, koma yankho lake n'losagwirika

"Tamva." "Tiona." "Palibe vuto bwana." Mayankho otere amatonthoza mtima, koma palibe mwa iwo limene likunena tsiku. "Tamva" akhoza kutanthauza kuti wawerenga chabe. Bwezani funso limodzi losavuta kuyankha: "Zikomo bwana. Ndiye tilembe Lolemba pa 17 kapena Lachiwiri pa 18?" Musasiye mpaka deti litatuluka m'mawu awo.

Ngakhale yankho litakhala lomveka, patsala mpata umodzi woti zinthu zitayikire, pakati pa ofesi ndi bwalo la malole. Wokonza maulendo wavomera, koma wopakiritsa katundu ku depoti akugwiritsabe pepala lomwe linasindikizidwa Lolemba lapitalo. Chizindikiro chake n'choti dalaivala amakuimbirani Lachinayi madzulo kufunsa njira ya ku shopu. Musaitenge foni imeneyo ngati yachabe: ikukuuzani kuti uthenga sunafike pansi. Njira yopewera ndi kuimba nokha Lachinayi m'mawa, tsiku lomwe akanapakira, n'kufunsa kuti "oda 4471 yachotsedwa pa ndandanda wa lero?" Loweruka m'mawa kapena Lachisanu madzulo pemphani nambala ya galimoto ndi foni ya dalaivala wa Lolemba. Ngati sangathe kukupatsani, mwina lole ya Lolemba sinapezeke, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezo musanauze anyamata asanu ndi mmodzi kuti alawirire.

Kumbukiraninso wogulitsa. Ngati simenti inasungidwa m'dzina lanu kuti ikatengedwe Lachinayi, kusuntha tsiku kukhoza kuchititsa kuti aigulitse kwa wina, makamaka nyengo yomwe simenti ikusowa. M'funseni ngati chikalata chotengera katundu chidzagwirabe ntchito pa tsiku latsopano lopakira. Onaninso kuti lole yofika Lolemba m'mawa iyenera kupakiridwa Lachisanu kapena Loweruka, ndiye ngati depotiyo sitsegula Loweruka, kapena mwini lole sakufuna kuti galimoto yake igone ndi katundu mpaka Lolemba, adzasankha Lachiwiri. Ichi ndi chifukwa china choperekera masiku awiri.

Lole ili kale pa msewu

Zikafika apa, imelo si chida choyamba. Imbani foni ku ofesi, osati kukangana ndi dalaivala pa khomo. Funsani komwe lole yafika, kenaka werengani ndalama za njira zomwe zilipo. Kuibweza ku Blantyre ndiye kokwera mtengo kuposa zonse, chifukwa mulipira ulendo wopanda pake ndi ulendo wachiwiri. Kuigoneka ndi katundu kumadalira ngati mwini wake alibe katundu wina woti akanyamule pobwerera, poti malole ambiri safuna kubwerera opanda kanthu ndipo amakhala atalonjeza kale munthu wina. Nthawi zambiri chotsika mtengo ndi kupeza malo ena otsitsira pafupi, monga chipinda cha mnzanu wa bizinesi kwa masiku atatu. Ngati n'kusungira panja, matumba akhale pa matabwa kapena mapaleti, asagunde pansi, akutidwe ndi tenti yosadontha mpaka m'mbali, ndipo pakhale mlonda. Pa nkhani ya Lachisanu masana ija, ngati denga lili bwino ndipo vuto ndi anyamata okha, kupempha dalaivala adikire mpaka 2 koloko n'kosavuta kusiyana ndi kusintha tsiku.

Chilichonse chomwe mwagwirizana, chilembeni mu imelo tsiku lomwelo: malo omwe katundu watsitsidwa, ola lomwe lole inafika ndi lomwe inanyamuka, ndi amene alipire zowonjezera. Maola omwewo alembedwenso pa delivale noti, pepala lotsimikiza kuti mwalandira katundu, musanasaine, dalaivala akuona. Ngati munatumiza pempho lanu nthawi yabwino ndipo iwo anavomera molemba, lumikizani yankho lawolo ku imeloyo ndipo nenani mwaulemu kuti ndalama ya ulendo wa Lachisanu si yanu. Ngati munatumiza atapakira kale, kapena simunalandire yankho lililonse, mulibe pogwira kwenikweni, ndipo chanzeru ndi kupempha kuti mugawane ndalamayo.

M'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, maimelo otere amachuluka kwa amene ali kutali ndi tala, monga njira ya ku Makanjira, komwe mtsinje ukadzaza lole yolemera siwoloka. Kumeneko simungalonjeze tsiku motsimikiza, ndiye lembani zoona zake: tchulani tsiku lomwe mukuyembekezera, muonjezere kuti mudzatsimikiza za msewu pofika 10 koloko m'mawa wa tsiku lopakira, ndipo mutchuliretu malo a pa boma omwe angatsitsire ngati njira yatsekeka. Ola limenelo likakwana, lembani ndithu, kaya msewu uli bwino kapena ayi, chifukwa wopakiritsa ku depoti akudikira mawu anu kuti ayambe.